Kupanga monogalamu ya ukwati ndi zilembo zitatu: chitsanzo cha L, M ndi T

Monogalamu ndi chizindikiro chopangidwa ndi zilembo zoyambira maina, ziwiri kapena zitatu, zolumikizidwa mwakuti diso limaziona ngati chinthu chimodzi. Mudzaiona pa thaulo, pa tambula yagalasi, pa chidindo cha phula chomatira envulopu, kapena pamwamba pa pepala lolembera makalata. Ambiri akafuna kupanga yawo amangotsegula kompyuta, n'kusankha zilembo zopindikapindika, n'kuziunjika pamodzi. Pa sikilini zimakongola ndithu. Koma zikakafika kwa wopeta kapena wozokota, timizere tating'ono timasowa, mipata imatsekeka, chotsala n'chibulumwa chosawerengeka. Ndiye mfundo yanga ndi iyi: monogalamu muziipanga mukudziwa kale msinkhu wochepetsetsa womwe idzaonekere, ndipo chiganizo chilichonse chizichokera pamenepo.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Dzina la mkwatibwi likuyamba ndi L, la mkwati likuyamba ndi T, ndipo dzina la banja lomwe agwiritse ntchito onse awiri likuyamba ndi M. Mphatso yake ndi matawulo awiri opetedwa komanso chidindo cha phula cha mamilimita 25.

Choyamba: dziwani kandandalikidwe ka zilembo

Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa zosakonzeka, chifukwa ulusi ukalowa mu thaulo kapena chitsulo chikazokotedwa, basi zatha. Pa monogalamu ya anthu awiri okwatirana, chizolowezi chomwe opeta ndi osindikiza ambiri amatsata n'chakuti chilembo cha mkazi chimakhala kumanzere, cha dzina la banja pakati ndipo chimakula kuposa zinzake, cha mwamuna kumanja. Ndiye kuti ife tikhala ndi L, M yaikulu, kenako T.

Ngati monogalamu ndi ya munthu mmodzi, malamulo ake ndi awiri. Zilembo zikakhala zofanana msinkhu, zimatsatana monga dzina limalembedwera: loyamba, lapakati, la banja. Koma chapakati chikakula, chimenecho ndi cha dzina la banja, ndipo dzina lapakati limapita kumanja. Mukasakaniza malamulo awiriwa, odziwa adzawerenga dzina lolakwika.

Musangoganizira nokha kuti mkwatibwi atenga dzina la mwamuna wake. Funsani mwini wake kapena wachibale wapafupi. Ngati aliyense asunga dzina lake, gwiritsani ntchito zilembo ziwiri zokha za maina oyamba. Zilembo ziwiri ndizo zimayeneranso pa makhadi oitanira anthu, popeza nthawi imeneyo ukwati usanachitike ndipo dzina la banja lisanakhale la onse awiri. Dzina likayamba ndi zilembo zoyendera limodzi monga Ch kapena Ph, tengani choyamba chokha.

Mukatero, werengani zilembozo mokweza monga zidzaonekere. Zilembo zitatu nthawi zina zimapanga mawu oseketsa kapena onyansa, makamaka chapakati chikakhala A, E, I, O kapena U. Mukapeza zotere, bwererani ku zilembo ziwiri. L, M ndi T sizikupanga mawu alionse, choncho tingapitirire.

Chachiwiri: funsani mmisiri musanajambule kanthu

Pitani kapena imbani foni kwa amene adzapete, kuzokota kapena kusindikiza, mumufunse mafunso awiri: mzere woonda kwambiri womwe makina ake angatulutse bwino ndi wotani, nanga akufuna failo ya mtundu wanji? Pa kupeta ndi makina, mzere woonda kuposa milimita imodzi suoneka bwino, ndipo pa thaulo, lomwe lili ndi ubweya, umamira. Zilembo zofupika kuposa mamilimita 5 kapena 6 zimavutanso kupeta. Pa chidindo cha phula ine sindilola mzere kapena mpata wochepera theka la milimita, chifukwa phula limasefukira m'timipata n'kutitseka.

Chidindo chathu ndi cha mamilimita 25, koma m'mphepete mwake muyenera kusiya malo. Tinene kuti zilembo zili ndi mamilimita 20 okha m'lifupi. Sungani nambala imeneyi, tibwereranso.

Chachitatu: yang'anani zilembozo ngati zinthu, osati ngati maina

Tengani pepala, pensulo ndi rula. Jambulani zilembo zitatuzo zikuluzikulu, chilichonse pachokha, kenako detsani ndi pensulo malo opanda kanthu omwe ali m'kati ndi m'mbali mwake. Mukatero mudzaona zomwe kale simunkaziona.

L ili ndi mwendo umodzi woima ndi phazi lotambasuka, ndipo pamwamba pa phazilo pali dzenje lalikulu. T ndi yosiyana nayo: ili ndi mikono pamwamba, maenje ake ali pansi pa mikonoyo. M ndi yotambalala, yolemera, ndipo m'kati mwake muli malo atatu a ngodya zitatu. Lapakati latsegukira kumwamba, awiri am'mbali atsegukira pansi, kutanthauza kuti ndi otakasuka m'munsi koma opanikizika kwambiri kumtunda.

Mukangoika L, M ndi T pamzere mopatula mipata yofanana ndi rula, L imaoneka ngati yathawa, chifukwa dzenje lake likuwonjezera mpata. T nayonso chimodzimodzi. Diso siliyeza kuchokera pa nsonga kufika pa nsonga ayi, limayeza kuchuluka kwa malo oyera. Mwayi wathu ndi woti dzenje la L lili kumtunda kumanzere ndipo la T lili kumunsi kumanja, ndiye awiriwa akulinganizana mopingasa. Mukatembenuza pepala chadodolido mudzaona kuti kulemera kwake sikusintha kwenikweni. Si zilembo zonse zomwe zimagwirizana chonchi. Mwachitsanzo I kumanzere ndi W kumanja zimapendeketsa chizindikiro chonse, ndipo pamenepo ndi bwino kuzisanjikiza kapena kulowetsa chimodzi m'chinzake. Wojambula wa ku Germany Albrecht Dürer, yemwe anamwalira mu 1528, ankasayina ntchito zake ndi A yaikulu yotambalala, D yaing'ono itakhala pansi pakati pa miyendo yake. Anapezerapo mwayi pa malo opanda kanthu omwe A ili nawo kale, ndipo ife tikufuna kuchita zomwezo.

Jambulani timonogalamu tating'ono khumi kapena kuposerapo, kalikonse kosaposa bokosi la machesi, mwachangu, osafufuta. Mukajambula zazing'ono simutaya nthawi ndi zokongoletsa, mumaona msanga ngati thupi lake laima bwino.

Chachinayi: sankhani mtundu wa zilembo

Mtundu umodzi ndi wokwanira. Zilembo zopendekeka zokhala ndi michira italiitali zimakopa, koma T, F, I ndi J za mtundu umenewu zimafanana kwambiri, moti mlendo sangadziwe kuti ndi chiti. Fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo za pa kompyuta, monga Bodoni ili ndi mizere ina yonenepa kwambiri, ina yoonda ngati tsitsi, ndipo yoondayo ndi yomwe imayamba kusowa mukachepetsa. Pa ntchito yathu ndasankha EB Garamond, yomwe kusiyana kwa mizere yake si kwakukulu kwambiri, komanso chilolezo chake chimalola aliyense kuigwiritsa ntchito ngakhale pa zinthu zogulitsa. Fonti zina zaulere zimaloledwa pa ntchito zaumwini zokha, ndiye ngati monogalamuyo mukulipiritsa, werengani chilolezocho.

Pa zilembo za mtundu uwu onetsetsani M. Mizere yake inayi si yofanana: mwendo wakumanzere ndi woonda, wopendekeka wotsika ndi wonenepa, wopendekeka wokwera ndi woonda, mwendo wakumanja ndi wonenepa. Zimenezi zinachokera ku cholembera cha nsonga yophwatalala chomwe alembi akale ankagwiritsa ntchito. Kusiyana kwa miyendo iwiriyi kutithandiza posachedwapa.

Chachisanu: misinkhu ndi kunenepa kwa mizere

Tsopano jambulani chachikulu, pa pepala la timabokosi kapena pa kompyuta. M ikhale mamilimita 40 kutalika. Zilembo zam'mbali zimakhala bwino zikakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chapakati, choncho L ndi T zikhale mamilimita 26. Ziikeni pakatikati, kusiya mamilimita 7 pamwamba ndi 7 pansi.

Apa pali msampha. Mukachepetsa chilembo, mizere yake imaondanso. Ngati mwendo wonenepa wa M uli mamilimita 5, mwendo wa L wochepetsedwa ukhala pafupifupi 3 okha, ndipo phazi lake, lomwe ndi loonda kale, likhala ngati kaulusi. Zotsatira zake, M imaoneka yakuda bii, L ndi T zotuwa ngati zili kutali. Kukonza kwake n'kosavuta: pa zilembo zam'mbali gwiritsani ntchito fonti yomweyo koma yonenepako, monga yomwe pa mndandanda imalembedwa `SemiBold`, kufikira mwendo wake utafika mamilimita 4. Usafike 5, chifukwa pamenepo zing'onozing'ono zimayamba kupikisana ndi chachikulu. Kuti mudziwe ngati mwakhoza, tsinzinani pang'ono mukuyang'ana chojambulacho. Zilembo zonse zitatu ziyenera kuda mofanana.

Ngati chimodzi mwa zilembo zanu ndi chozungulira, monga O, C kapena S, chikulitseni pang'ono kuti chipyole mzere wapamwamba ndi wapansi ndi theka la milimita pa msinkhu ngati uwu. Chozungulira chikalingana ndendende ndi chinzake chowongoka, chimaoneka chaching'ono.

Chachisanu ndi chimodzi: kulukanitsa

Gawo ili ndi lomwe limasandutsa zilembo zitatu kukhala chinthu chimodzi, ndipo ndi lomwe muyenera kulipatsa nthawi.

Yambani ndi L. Isunthireni kumanja mpaka phazi lake litadutsa mwendo wakumanzere wa M n'kulowa m'kati ndi mamilimita 4. Phazilo lili mamilimita 7 kuchokera pansi, pomwe malo a ngodya zitatu aja ndi otakasuka, choncho nsonga yake ikhala momasuka osagunda mzere wopendekeka. Dzenje la L lija lachepa, L yayandikira.

Nditayamba kujambula chitsanzo chimenechi ndinafuna kuchita zomwezo kumanja, kuti mkono wa T udutse mwendo wa M n'kutulukira m'kati. Sizinatheke. Mkono wa T uli kumtunda, mamilimita 7 kuchokera pamwamba, ndipo pamenepo mpata wapakati pa mwendo ndi mzere wopendekeka ndi mamilimita awiri kapena atatu okha. Nsonga ya mkonoyo inakathithikana m'kangodya, ndipo nditachepetsa chojambulacho, malowo anasanduka dontho lakuda. Chomwe chinathandiza ndi kunenepa kwa mwendo uja wakumanja. Popeza ndi wa mamilimita 5, ungathe kubisa nsonga. Ndinadula kamchira kakumapeto kwa mkono wa T, n'kuulowetsa kuseri kwa mwendowo kuti uthere pomwepo. Kumanzere L yadutsa pamwamba pa M, kumanja T yalowa pansi pa M. Ingoonetsetsani kuti mbali ya mkono yomwe ikuonekabe isafupike kuposa magawo awiri mwa atatu a mkono winawo, apo ayi T imayamba kuoneka ngati chilembo china.

Lamulo la kulukanitsa ndi lomwe la kuluka kulikonse: mzere ukadutsa pamwamba pano, pamphambano yotsatira udutse pansi. Ndipo kuti diso lidziwe womwe uli pamwamba, mzere wapansi umadulidwa, n'kusiya kampata koyera mbali zonse ziwiri za mzere wapamwamba. Popanda kampata kameneka, pa mtundu umodzi wa inki kapena ulusi, zilembo zimangophatikana.

Kampatako kakhale kotani? Apa ndi pomwe nambala ija ikubwerera. Chojambula chathu chonse chatambalala pafupifupi mamilimita 60, ndipo pa chidindo tili ndi 20 okha, ndiye chichepa katatu. Kampata ka milimita imodzi kadzatsala gawo limodzi mwa atatu a milimita, phula lidzakatseka. Tikufuna theka la milimita pa chidindo, choncho pa chojambula chachikulu kakhale milimita imodzi ndi theka. Mizere yoonda nayo, mwendo wakumanzere wa M, phazi la L ndi mikono ya T, isachepere milimita imodzi ndi theka. Pa chojambula chachikulu mipata yotere imaoneka ngati yakula mopitirira, ndipo dzanja limayabwa kufuna kuichepetsa. Isiyeni choncho.

Musalukanitse paliponse pomwe mungathe. Mphambano ziwiri zatikwanira. Ndinaonapo mphatso ya chitsulo yomwe zilembo zake zinadutsana kasanu ndi kawiri, eni ake enieniwo ankachita kulondola ndi chala kuti apeze chilembo chawo, ndipo zinandimvetsa chisoni chifukwa wozokotayo anagwira ntchito yaukhondo kwabasi.

Chachisanu ndi chiwiri: kuika pa kompyuta

Pulogalamu yaulere ya Inkscape ndi yokwanira. Lembani chilembo chilichonse pachokha, ikani misinkhu ija, kenako sankhani zonse n'kudina `Path > Object to Path`. Izi zimasandutsa zilembo kukhala zojambula, kotero kuti mmisiri yemwe alibe fonti yanu sadzaona zilembo zina m'malo mwake. Mu Adobe Illustrator lamulo lofanana nalo ndi `Type > Create Outlines`.

Kudula kampata kaja mu Inkscape kumayenda motere. Ngati zilembozo zakhala m'magulu, yambani mwazimasula ndi `Ctrl+Shift+G`. Pa mphambano yakumanzere, pangani L ina pamwamba pa yoyambayo ndi `Ctrl+D`, ikulitseni m'mbali zonse ndi `Path > Outset` mobwereza mpaka itapyola yoyambayo ndi milimita imodzi ndi theka. Sankhani L yonenepetsedwayo pamodzi ndi M, dinani `Path > Difference`. Lamuloli limachotsa chapamwamba pa chapansi, ndiye L yonenepetsedwa iyenera kukhala pamwamba pa M. M idzatsala ndi bala loyera pomwe phazi likudutsa. Kumanja chitani mobwerera: nenepetsani M ina, muichotse pa T. Musabise mpata ndi mzere woyera wongopaka pamwamba. Pa sikilini zimaoneka chimodzimodzi, koma makina ozokota amatsata mizere yonse yomwe ili mu failo, ngakhale yomwe inu simukuiona.

Za mkombero wozungulira, masamba kapena tsiku la ukwati, ganizirani mukamaliza zilembo. Pa chidindo chaching'ono chonchi ine sindiikapo kanthu kena, popeza m'mphepete mwa phula ndi mkombero kale.

Chachisanu ndi chitatu: kuyesa

Sindikizani pa pepala misinkhu itatu: mamilimita 20 m'lifupi monga pa chidindo, 60, komanso msinkhu wa pa thaulo, tinene 90. Sindikizani ndi inki yakuda yokha, ndipo onetsetsani kuti makina sakusintha msinkhu. Yezani ndi rula mukatulutsa. Kachochepetsetsako kagwireni patali ndi dzanja lotambasula. Kodi mipata iwiri ija ikuonekabe? Kodi mwendo woonda wa M ulipo?

Kenako onetsani chojambulacho pa galasi loonera, kapena chitembenuzeni muchione cha kuseri pa windo. Diso likazolowera chinthu limaleka kuona zolakwika, koma chikatembenuka, kupendekeka kulikonse kumatulukira poyera. Pa chitsanzo chathu galasi linandionetsa kuti mbali ya T ikulemera, chifukwa mwendo wonenepa wa M ndi mwendo wa T zili pafupi, pomwe kumanzere L yayandikana ndi mwendo woonda. Ndinasunthira T kunja ndi milimita imodzi n'kunenepetsa mwendo wakumanzere wa M pang'ono, zinakhala bwino.

Pomaliza mupatseni munthu yemwe sakudziwa maina a akwatiwo, osamuuza kanthu, mumufunse kuti akuona zilembo ziti ndipo zikutsatana bwanji. Akazengereza kapena akatchula chilembo chomwe palibe, vuto si lake. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti mizere iwiri yoyandikana yapanga chilembo chachinayi, monga phazi la L ndi mwendo wa M kuoneka ngati U. Zikakhala choncho, talikitsani nsonga yodutsayo kuti zionekeretu kuti yangodutsa, sinalumikizane.

Kutumiza kwa mmisiri

Sungani failo ngati SVG kapena PDF, yakuda pa choyera, ndipo lembani msinkhu womwe mukufuna m'mamilimita. Chithunzi cha JPG chojambulidwa ndi foni si choyenera, chifukwa chikakulitsidwa m'mphepete mwake mumachita manomano. Wopeta adzasandutsa failo yanu kukhala ya makina ake, monga DST kapena PES, ndipo pa ntchito imeneyo ndi iye amene amasankha komwe ulusi ulowere. Mupempheni ayambe wapeta pa kansalu kofanana ndi thaulo lenilenilo. Pa msinkhu wa mamilimita 90 mizere yathu yoonda ikupitirira mamilimita awiri, ndiye siyenera kumira, koma muone ngati ubweya wa thaulo sukutseka timipata tija. Ukatseka, tikulitseni pa failo ya thaulo yokha.

Chidindo chimazokotedwa chotembenuka kuti pa phula chioneke bwino. Amisiri ambiri amatembenuza okha, ndiye tumizani chowerengeka bwino ndipo mulembe kuti simunachitembenuze. Mukatembenuza inu, iyenso n'kutembenuza, T idzakhala kumanzere, L kumanja itayang'ana chammbuyo, ndipo mudzazindikira pa envulopu yoyamba.